Kuwirikiza kyubu ndi rula ndi kampasi: chifukwa chake sizitheka

Kodi vutoli ndi lotani kwenikweni?

Agiriki akale anali ndi nthano yakuti mliri utavuta pa chilumba cha Delos, anthu anauzidwa kuti amange guwa la mulungu wawo Apollo lalikulu kawiri kuposa lomwe linalipo. Guwalo linali kyubu, ndiye kuti m'litali, m'lifupi ndi msinkhu zonse zinali zofanana. Munthu wopupuluma amangowirikiza mbali iliyonse, koma akatero voliyumu imakula ka 8, pakuti 2 × 2 × 2 = 8. Chofunika ndi mbali x yomwe ikukwaniritsa x³ = 2, tikatenga mbali ya guwa lakalelo kukhala 1. Nambala imeneyi ndi ∛2, pafupifupi 1.2599.

Funso ndi lakuti, kodi utali umenewu ungajambulidwe ndi zida ziwiri zokha za m'buku la Euclid? Malamulo ake ndi okhwima. Mumayamba ndi timadontho tiwiri totalikirana 1. Rula yanu ilibe manambala kapena zizindikiro, ntchito yake ndi kujambula mzere wodutsa pa timadontho tiwiri tomwe muli nato kale. Kampasi imajambula chozungulira chomwe pakati pake ndi kadontho kodziwika, ndipo kukula kwake mumakutenga pa mtunda wa pakati pa timadontho todziwika. Kadontho katsopano kamabadwa pokhapokha mizere kapena zozungulira zikadutsana. Ndipo ntchitoyo iyenera kukhala ndi mapeto, osati kumangoyandikira yankho mpaka kalekale.

Patapita zaka zoposa 2000, Mfalansa wina, Pierre Wantzel, anasindikiza umboni mu 1837 wosonyeza kuti zimenezi sizitheka. Kafotokozedwe ka mafildi ndi madigiri komwe titsatire pano kanakhwima iye atamwalira kale, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Munthu angatsimikize bwanji kuti chinthu sichitheka? Mwina njirayo sinapezeke chabe.

Kuyesa njira zonse imodziimodzi sikungathandize, chifukwa njirazo zilibe malire. Chomwe timachita ndi kupeza khalidwe lomwe utali uliwonse wojambulika uli nalo, kaya wojambulayo ndi waluso chotani, kenako n'kuonetsa kuti ∛2 ilibe khalidwe limenelo. Khalidwelo ndi nambala yathunthu yotchedwa digiri. Utali wojambulika uliwonse uli ndi digiri 1, 2, 4, 8, 16, kumapita motero, pomwe digiri ya ∛2 ndi 3. Umboni wonse wagona pamenepa, ndipo mafunso otsatirawa akungomasula ziganizo ziwirizi.

Nanga fildi n'chiyani?

Fildi ndi gulu la manambala lomwe mungaphatikize, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa manambala ake awiri aliwonse, kupatula kugawa ndi 0, yankho n'kukhalabe m'gulu lomwelo. Manambala athunthu si fildi, chifukwa 1 ÷ 2 watuluka kale kunja. Mafulakishoni onse pamodzi, monga 3/4, −7/2 ndi 5/1, ndi fildi, ndipo timailemba Q.

M'kati mwa Q mulibe √2. Tikailowetsa, tiyenera kulowetsanso chilichonse chomwe masamu anayi aja angabale kuchokera kwa iyo, ndipo zotsatira zake ndi manambala onse a maonekedwe a + b√2, pomwe a ndi b ndi mafulakishoni. Gululi timalilemba Q(√2). Kuphatikiza ndi kuchulukitsa sikuvuta, popeza √2 × √2 = 2 amatibwezera mu Q. Kugawa ndiko kumakayikitsa anthu, choncho tiyese 1/(3 + √2). Tikachulukitsa pamwamba ndi pansi ndi 3 − √2, pansi pamasanduka 9 − 2 = 7, yankho n'kukhala 3/7 − (1/7)√2, lomwe lili ndi maonekedwe aja. Fildi yaikulu yomwe yasunga ina yaing'ono m'kati mwake motere timati ndi fildi yofutukulidwa kuchokera ku yaing'onoyo.

Ndiye digiri ikuyeza chiyani, popeza mafildi onsewa ali ndi manambala osawerengeka?

Siwerenga manambala. Imawerenga kuti mukufunika manambala angati a m'fildi yaing'ono kuti mutchule nambala imodzi ya m'fildi yaikulu. Mu Q(√2) mumafunika awiri, a ndi b, ndipo timati 1 ndi √2 ndi maziko a fildiyo. Maziko ayenera kukwaniritsa zinthu ziwiri: akwanire kulemba nambala iliyonse ya m'fildimo, komanso pasakhale limodzi lomwe lingalembedwe pogwiritsa ntchito anzake. Chachiwirichi timachiyesa motere: a + b√2 ingakhale 0 pokhapokha a ndi b onse ali 0, zomwe ndi zoona chifukwa √2 si fulakishoni. Choncho digiri ndi 2, ndipo timalemba [Q(√2) : Q] = 2.

Tsopano ∛2, yomwe tiitche α kuti tisatope kulemba. Tikailowetsa mu Q, α × α = α² sibwerera mu Q ayi, ndi chinthu chatsopano. Koma α³ = 2 wabwerera, α⁴ = 2α, α⁵ = 2α², ndipo palibenso chachilendo chomwe chimatuluka. Manambala a mu Q(α) ndi a maonekedwe a + bα + cα². Kugawa nako kumayenda: popeza (1 + α)(1 − α + α²) = 1 + α³ = 3, ndiye kuti 1/(1 + α) = (1 − α + α²)/3. Maziko akuoneka kuti ndi atatu, 1, α ndi α².

Mwati "akuoneka". Kodi mphamvu ya 3 ya mu x³ = 2 siyokwanira kutiuza kuti digiri ndi 3?

Siyokwanira, ndipo ophunzira ambiri amagwera pomwepa. Nambala 2 imakwaniritsa x³ = 8, koma digiri yake ndi 1, chifukwa ndi fulakishoni kale, ndipo x³ − 8 imasweka kukhala (x − 2)(x² + 2x + 4). Digiri ya nambala imachokera ku polinomiyo yaifupi kwambiri yomwe nambalayo imakwaniritsa, yomwe singaswekenso mu Q. Tiyenera kutsimikiza kuti x³ − 2 ndi yotero.

Choyamba, α si fulakishoni. Tiyerekeze kuti α = p/q ndipo fulakishoniyo yafupikitsidwa mpaka pamapeto. Pamenepo p³ = 2q³, ndiye p³ imagawika ndi 2, zomwe zimakakamiza p nayonso kugawika ndi 2. Tilembe p = 2r. Tikupeza 8r³ = 2q³, kapena kuti q³ = 4r³, ndipo q nayo ikugawika ndi 2. Zatsutsana ndi zomwe tinanena zakuti fulakishoniyo inafupikitsidwa kale.

Chachiwiri, α singakwaniritse ikweshoni ya mphamvu 2 ya mafulakishoni. Tiyerekeze kuti ikukwaniritsa x² + sx + t = 0. Tigawe x³ − 2 ndi x² + sx + t monga timagawira manambala aatali. Tipeza yankho la maonekedwe x − s ndi chotsala cha maonekedwe ux + v. Tikaika x = α, mbali zina zonse zimasanduka 0, n'kutsala uα + v = 0. Ngati u si 0, ndiye α = −v/u ndi fulakishoni, zomwe takana kale. Ngati u ndi 0, v nayo ndi 0, kutanthauza kuti x − s imagawa x³ − 2 popanda chotsala, ndiye s³ = 2 pomwe s ndi fulakishoni, zomwenso takana. Njira zonse zatsekeka. Choncho 1, α ndi α² ndi maziko enieni, ndipo [Q(∛2) : Q] = 3.

Kodi lamulo la nsanja limati chiyani?

Tikakhala ndi mafildi atatu osanjikizana, K m'kati mwa L ndi L m'kati mwa M, madigiri ake amachulukitsana:

[M : K] = [M : L] × [L : K]

Chitsanzo chimaonetsa chifukwa chake bwino kuposa zilembo. Tiyambe ndi Q, tikwere ku L = Q(√2), kenako tilowetse √3 kuti tifike ku M. Nambala iliyonse ya mu M ndi A + B√3, pomwe A ndi B ndi a mu L. Koma A payekha ndi a + b√2, ndipo B ndi c + d√2. Tikamasula zonse tikupeza a + b√2 + c√3 + d√6. Mafulakishoni ofunika ndi anayi, ndipo maziko anayiwo, 1, √2, √3 ndi √6, abadwa pochulukitsa lililonse la maziko a chisanjikizo choyamba ndi lililonse la chachiwiri. Madigiri amachulukitsana pa chifukwa chimenechi, osati kuphatikizana. Poti 2 + 2 ndi 2 × 2 onse amapereka 4, chitsanzochi chikhoza kusocheretsa, choncho onaninso ichi: kulowetsa ∛2 pamwamba pa Q(√2) kumapereka digiri 6, osati 5.

Patsala kuonetsa kuti m'maziko anayiwo mulibe lobwereza. Tiyerekeze kuti a + b√2 + c√3 + d√6 = 0. Tikawasonkhanitsanso tikupeza A + B√3 = 0, ndipo poti 1 ndi √3 ndi maziko pamwamba pa L, A ndi B onse ndi 0. Kenako a + b√2 = 0 imapereka a = b = 0, ndipo c + d√2 = 0 imapereka c = d = 0. Umboni wa lamulo lonse ndi womwewu, kungosintha 2 ndi 2 kukhala m ndi n.

Pali chinthu chimodzi chomwe tachidumpha, chomwe sichiyenera kudumphidwa: kodi √3 sinali kale mu Q(√2)? Ikanakhalamo, (a + b√2)² = 3 ikanapereka a² + 2b² + 2ab√2 = 3, ndiye ab = 0, kutanthauza kuti a² = 3 kapena 2b² = 3, ndipo palibe fulakishoni yotero. Kufufuza kotereku si mwambo chabe. Mukalowetsa √8 pamwamba pa Q(√2), palibe chomwe mwawonjezera, chifukwa √8 = 2√2. Digiri ya sitepe imeneyo ndi 1, ndipo wolemba 2 mosayang'ana amapeza 4 pomwe yankho ndi 2.

Zonsezi ndi aljebula. Zikukhudzana bwanji ndi kujambula papepala?

Mlatho wake ndi makodineti, njira yomwe René Descartes anaifotokoza mu 1637. Timadontho tiwiri toyambira titche (0, 0) ndi (1, 0). Nthawi iliyonse pojambula, makodineti a timadontho tonse tomwe tili nato amakhala m'fildi ina, K, ndipo poyamba K ndi Q. Mzere wodutsa pa timadontho tiwiri totere uli ndi ikweshoni ax + by = c, pomwe a, b ndi c ndi a mu K. Chozungulira chili ndi ikweshoni (x − p)² + (y − q)² = R, pomwe p, q ndi R ndi a mu K. R ndi sikweya ya rediyasi, ndipo imapezeka pochotsera, kuchulukitsa ndi kuphatikiza makodineti basi.

Kadontho katsopano kamabwera m'njira zitatu zokha. Mizere iwiri ikadutsana, timathetsa maikweshoni awiriwo ndi masamu anayi aja, ndipo sitituluka mu K. Mzere ukadutsa chozungulira, pamatuluka ikweshoni ya mphamvu 2. Titenge x² + y² = 4 ndi mzere y = x + 1. Tikalowetsa y tikupeza 2x² + 2x − 3 = 0, ndiye x = (−1 ± √7)/2 ndipo y = (1 ± √7)/2. Fildi yakwera kuchoka pa Q kufika pa Q(√7), digiri 2, ndipo onani kuti √7 imodzi yomweyo yakwanira x ndi y yemwe.

Njira yachitatu, zozungulira ziwiri, ndi yomwe munthu angaope kuti ibweretsa mphamvu 4, popeza maikweshoni onse awiri ndi a mphamvu 2. Sizitero. Onse ali ndi x² + y², ndipo tikachotsera imodzi pa inzake zimenezi zimafafanizika. Titenge x² + y² = 4 yomwe ija ndi (x − 1)² + (y + 1)² = 8. Yachiwiriyi ikamasulidwa ndi x² + y² − 2x + 2y = 6. Tikachotsera yoyamba patsala −2x + 2y = 2, womwe ndi mzere uja y = x + 1. Tabwerera pa nkhani ya mzere ndi chozungulira.

Choncho kadontho kalikonse katsopano kamasiya fildi momwe inalili kapena kamaifutukula ndi sikweya ruti imodzi ya nambala ya m'fildimo. Digiri ya sitepe iliyonse ndi 1 kapena 2. Kyubu ruti ilibe khomo lolowera.

Koma masitepe akachuluka, masikweya ruti m'kati mwa masikweya ruti anzake, sangaphatikizane mwangozi n'kupanga ∛2?

Funso limeneli ndi lomwe lamulo la nsanja limayankha, ndipo popanda lamuloli kukayikaku kukanakhala ndi maziko. Manambala monga √(1 + √(3 + √7)) amajambulika, ndipo poyang'ana ndi maso palibe anganene kuti chisakanizo china cha manambala otere sichingafanane ndendende ndi ∛2.

Tiyerekeze kuti wina wajambula utali wa ∛2. Akhoza kuusamutsa ndi kampasi kuti kadontho (∛2, 0) kakhale pakati pa timadontho take. Ntchito yakeyo yapanga nsanja ya mafildi kuyambira pa Q kukafika pa fildi yomaliza, M, ndipo sitepe iliyonse ili ndi digiri 1 kapena 2. Mwa lamulo la nsanja, [M : Q] ndi kuchulukitsana kwa madigiri onsewo, ndiye ndi 2ᵏ, pomwe k ndi chiwerengero cha masitepe omwe anafutukuladi fildi.

Tsopano tikwere kukafika pa M yemweyo podzera kwina. Poti ∛2 ili mu M, fildi yonse ya Q(∛2) ili m'kati mwa M. Lamulo lomwe lija likutiuza kuti

2ᵏ = [M : Q] = [M : Q(∛2)] × 3

Ndiye kuti 3 ayenera kugawa 2ᵏ popanda chotsala. Koma 2, 4, 8, 16, 32 ndi onse otsatira amapangidwa ndi 2 yekhayekha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wogawika ndi 3. Umboniwu sunafunse kuti masitepe anali angati kapena anatsatana motani, n'chifukwa chake umatseka njira zonse nthawi imodzi, ngakhale zomwe munthu sanaziganizirebe.

Nanga vuto lachiwiri la Agiriki, kugawa ngodya patatu? Ngodya ya 90° imagawika bwinobwino.

Imagawikadi, chifukwa 30° imajambulika. Chomwe sichitheka ndi njira imodzi yogwira pa ngodya iliyonse, ndipo kuti titsimikize zimenezo ngodya imodzi yokana ndi yokwanira. Ya 60° imajambulika mosavuta, choncho njira yoteroyo ikanakhalapo ikanatipatsa 20°, ndi utali wa cos 20° pamodzi nayo. Pali lamulo lakuti cos 3θ = 4cos³θ − 3cos θ. Tikaika θ = 20°, kumanzere kuli 1/2, ndipo tikatcha y = 2cos 20° tikupeza y³ − 3y − 1 = 0. Fulakishoni yokwaniritsa ikweshoniyi ingakhale 1 kapena −1 basi, popeza nambala yotsogolera y³ ndi 1 ndipo yomalizira ndi −1. Koma 1 akupereka −3 ndipo −1 akupereka 1. Polinomiyo ya mphamvu 3 yopanda yankho la fulakishoni siisweka mu Q, ndiye digiri ndi 3, ndipo zotsatira zake ndi zomwe zija.

Yerekezani ndi 90°. Kumeneko ikweshoni ndi 4c³ − 3c = 0, yomwe imasweka kukhala c(4c² − 3) = 0, n'kupereka c = √3/2, ya digiri 2. Kusweka kumeneku ndiko kumasiyanitsa ngodya ziwirizi. Tapezeranso pomwepa kuti chojambula cha mbali 9 zofanana ndi ngodya zofanana sichijambulika, pakuti chikanatipatsa 40°, yomwe tikanaigawa pawiri n'kupeza 20°.

Bwanji anthu ena amaonetsa zojambula zomwe zikuoneka kuti zatheka?

Zojambula zotere zimalakwa m'njira ziwiri, ndipo zonse zimagwidwa mosavuta. Njira yoyamba ndi kuyandikira. Fulakishoni 63/50, yomwe ndi 1.26, imajambulika, ndipo kyubu yake ndi 2.000376. Ngati mbali yoyambira ndi masentimita 10, utaliwu walakwa ndi zochepera gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita, ndipo palibe pensulo yomwe ingaonetse zimenezo. Musayeze ndi maso. Ikani makodineti, werengerani kadontho kalikonse motsatana, ndipo pamapeto mupeza nambala ya masikweya ruti okhaokha yomwe kyubu yake si 2.

Njira yachiwiri ndi kuswa malamulo, nthawi zambiri mosazindikira. Pali njira yakale yomwe amati ndi ya Archimedes, ndipo imagawadi ngodya iliyonse yochepera 90° patatu ndendende. Ngodyayo mumaiika pakati pa chozungulira, pa O, mikono yake n'kukhudza chozunguliracho pa A ndi pa B. Mumatalikitsa mzere wa AO kupitirira O. Parula mumalembapo zizindikiro ziwiri zotalikirana ngati rediyasi, kenako mumaisuntha, ikudutsabe pa B, mpaka chizindikiro chimodzi chitagwera pa chozungulira ndipo china pa mzere wotalikitsidwa uja. Ngodya yomwe rula yapanga ndi mzerewo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a yoyamba ija. Palibe chinyengo pamasamu ake, koma mzere wa rulayo sunadutse pa timadontho tiwiri todziwika kale. Unapezeka posunthasuntha, ndipo kusunthako kumathetsa ikweshoni ya mphamvu 3. Mukaona mawu akuti "sunthani mpaka zitakumana" m'malangizo, dziwani kuti chida chasintha.

Agiriki eni ake ankadziwa kuti ndi zida zina kyubu imawirikizika. Menaechmus anachita zimenezi podutsanitsa mizere yokhota: maparabola y = x² ndi y² = 2x amakumana pomwe x⁴ = 2x, ndiye kuti x³ = 2. Ngakhale kupinda pepala kumatha kutulutsa ∛2, monga Margherita Beloch wa ku Italy anaonetsera mu 1936.

Ndiye tinene kuti nambala iliyonse ya digiri 2, 4, 8 imajambulika?

Ya digiri 2 imajambulika nthawi zonse, koma kuyambira pa 4 lamulo silibwerera m'mbuyo. Umboni wathu wangonena kuti yojambulika iyenera kukhala ndi digiri yotero. Chofunika chenicheni ndi chakuti pakhale nsanja ya masitepe a digiri 2 yokafika pa nambalayo. Nambala √(√2) ili ndi digiri 4 ndipo nsanja yake ilipo, podzera pa Q(√2). Koma x⁴ − x − 1 = 0 ili ndi yankho la pafupifupi 1.2207, la digiri 4, lomwe silijambulika. Pakati pa Q ndi fildi yake palibe fildi ya digiri 2 yopondapo, ndipo pothetsa ikweshoniyo pamafunika kuthetsa kaye ina ya mphamvu 3 yosasweka. Kutsimikiza zimenezi kumafuna masamu a Galois, omwe amayang'ana mayankho onse anayi a polinomiyoyo pamodzi.

Vuto lachitatu la Agiriki, kujambula sikweya yofanana kukula ndi chozungulira, limafuna utali wa √π. Digiri ndi yomwenso imaligamula, koma mbali yovuta ili kwina. Mu 1882 Ferdinand von Lindemann anatsimikiza kuti π siikwaniritsa polinomiyo iliyonse ya mafulakishoni, choncho 1, π, π², π³ ndi ena onse otsatira palibe lolembeka ndi anzake, ndipo [Q(π) : Q] ilibe malire. √π ikanajambulika, π ikanakhala m'fildi ya digiri 2ᵏ, ndipo fildi ya digiri yopanda malire singakwane m'kati mwa fildi yotero.